Mutu 6: Akapolo 20,000 a ku Nkhotakota, kodi anawerenga ndani?

Mukanyamuka pa Ngala kutsata msewu wa M5 kulowera kummwera, mudutsa Dwangwa, muwoloka Bua ndi Kaombe, kenako mufika pa boma la Nkhotakota pomwe pali mkuyu wotchuka wa Livingstone. Alendo amene amafika pamtengowu kawirikawiri amachokapo atamva zinthu ziwiri: yoyamba, kuti Jumbe ankatumiza akapolo 20,000 chaka chilichonse kuchokera padoko limeneli, yachiwiri, kuti pansi pa mkuyuwo Livingstone anagwirizanitsa Jumbe ndi mafumu a Achewa kuti malonda a anthu athe. Zomwezi zimapezekanso m'timabuku ta alendo ndi m'zolemba za ophunzira. Tiyerekeze kuti wophunzira walemba kuti: "Livingstone anapeza kuti akapolo 20,000 ankachoka pa Nkhotakota chaka ndi chaka," ndipo kumapeto kwake waikapo dzina la buku la Livingstone la 1865. Mphunzitsi akaona dzina la bukulo mtima umakhala pansi, n'kuchonga. Apa ndi pamene pamandiwawa, chifukwa dzina la buku limangotiuza kumene tingakafunse. Silitiuza kuti bukulo lavomera.

Bukulo liripodi. Analemba ndi David Livingstone ndi mng'ono wake Charles, linasindikizidwa ku London mu 1865, ndipo limasimba ulendo wawo wa pa Zambezi, Shire ndi nyanja yathu ino. Ntchito yoyamba ndi kupeza ndime yeniyeniyo. Samalani pano: pali buku lathunthu komanso lina lofupikitsidwa lomwe linatuluka pambuyo pake, ndipo manambala a masamba ndi a mitu sagwirizana. Ambiri akatsegula tsamba lomwe auzidwa n'kupeza nkhani ina, amagwa ulesi kapena kuganiza kuti wolembayo ananama. Popeza bukuli ndi lakale, limapezeka laulere pa intaneti, choncho pafoni pomwepo sakani mawu akuti `Rigby` ndipo mufika pamalopo.

Mukafika, werengani pang'onopang'ono, chiganizo cha wophunzira chili pambali. Ndimeyo imanena kuti olembawo anauzidwa ndi Colonel Rigby, yemwe anali kazembe wa Britain ku Zanzibar, kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la Nyasa ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya pachilumbacho chaka chilichonse, osawerengera amene ankapita ku madoko a Apwitikizi.

Taonani mmene ziwirizi zasiyanirana. Nambala yakwera kuchoka pa 19,000 kufika pa 20,000, koma chimenecho ndi chaching'ono. Chachikulu ndi chakuti Livingstone sanawerenge yekha. Anachita kuuzidwa, ndipo iye mwini anatchula amene anamuuza. Choncho mawu akuti "anapeza" agwa kale. Kuwerengako sikunachitikire m'mbali mwa nyanja ino ayi, kunachitikira ku Zanzibar, kumapeto kwa ulendo wa miyezi, atatsala okhawo amene sanafere panjira. Ndipo choposa zonse, ndimeyo ikunena za dera lonse la Nyasa, osati doko limodzi. Nkhotakota sinali njira yokhayo. Magulu ena a akapolo ankawolokera malo ena, ena ankazungulira kummwera kwa nyanja kudzera m'dera la Ayao. Zili ngati munthu awerenge usipa wonse wolowa mumsika wa Lilongwe kuchokera ku Nkhata Bay, Salima ndi Mangochi, kenako wina alembe kuti wonsewo unavuulidwa padoko la Ngala. Kuwerengako n'koona, koma usipawo wapatsidwa mwini wolakwika.

Ndikuchedwa pa mfundo ya malo chifukwa ndi pamene zolemba zambiri zimaterereka popanda wolemba kuzindikira. Palibe amene amakhala pansi n'cholinga chonama. Woyamba amalemba "dera la Nyasa." Wachiwiri, podziwa kuti Nkhotakota linali doko lalikulu, amalemba "makamaka kudzera pa Nkhotakota." Wachitatu amachotsa "makamaka." Wachinayi amakopera chiganizocho pamodzi ndi dzina la buku lomwe sanalitsegulepo. Dzina la bukulo limayenda osasintha, pamene mawu omwe laperekeza asintha kawiri. N'chifukwa chake kuona kuti mabuku asanu akunena chimodzimodzi sikutsimikiza kanthu ngati onse anamwa pachitsime chimodzi. Tsatirani mmbuyo mpaka mufike kwa amene anaona kapena kuwerenga ndi maso ake.

Nthawi nayo muifunse. Rigby anali ku Zanzibar kuyambira 1858 mpaka 1861, choncho nambala yake ndi ya zaka zimenezo, osati ya nyengo yonse ya ma Jumbe yomwe inafika m'ma 1890.

Wina angadandaule kuti kufunsa chonchi n'kuchepetsa mavuto amene makolo athu anakumana nawo. Ayi ndithu. Ndime yomweyo mukaipitiriza imanena zoopsa kuposa nambala ija: olembawo ankakhulupirira kuti mwa anthu asanu aliwonse amene malondawa anawakhudza, amene ankafika kokagulitsidwa sankakwana ngakhale mmodzi, enawo ankafa ndi nkhondo, njala ndi ulendo. Komabe apanso onani mmene ananenera. Anati amenewo ndi maganizo awo potengera zimene anaona, osati kalembera. Wolemba wosamala alembanso motero. Anthu amene anamangidwa m'magoli aja tiwalemekeze ponena za iwo zimene tingaziikire umboni.

Tsono nkhani ya mkuyu. Bukulo limati Livingstone ndi anzake anafika pa Kota-kota pa 10 Sepitembala 1863, nakhala pansi pa mkuyu waukulu kufupi ndi mudzi wa munthu yemwe limamutcha Juma ben Saidi. Limasimba kuti Juma anabwera ndi anthu ake kudzawalonjera, anawapatsa mpunga, ufa ndi nzimbe, ndipo ankakhoma chombo chatsopano chowolotsera katundu ndi akapolo kutsidya. Mtengo ulimo, tsiku lilimo, kukumana kulimo. Koma mukasaka pangano lothetsa ukapolo pakati pa Jumbe ndi mafumu, m'ndimezo simulipeza. Vuto lotere ndi lovuta kuligwira kuposa la nambala, chifukwa gwero limavomereza theka la chiganizo, ndipo maso akaona mkuyu ndi dzina la Juma amakhutira msanga. Njira yake ndi kudula chiganizo m'zidutswa, n'kufunsa chidutswa chilichonse pachokha kuti: mawu ako ali pamzere uti?

Zolemba zina zimaika kukumanaku mu 1864. Chaka chimenecho chimagwa mosavuta: mu Januwale 1864 Livingstone anali akutsika Shire pobwerera, kumapeto kwa Epulo ananyamuka ku Zanzibar pa chombo cha Lady Nyassa kupita ku Bombay, ndipo pofika Julayi anali ku London.

Kusapezeka kwa panganolo m'bukumo sikutanthauza kuti akuluakulu a ku Nkhotakota amene amasimba nkhaniyi akunama. Buku likakhala chete silinakane. Mbiri yapakamwa ndi gwero palokha, ndipo iyenera kutchulidwa ndi dzina lake: "anthu a ku Nkhotakota amasimba kuti." Cholakwa ndi kuibveka dzina la buku lomwe silinanene zimenezo. Pangano lomwe lili ndi umboni wolembedwa ndi la 1889, pakati pa Harry Johnston ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, patapita zaka 26.

Wophunzira uja akonza bwanji chiganizo chake? Atha kulemba kuti: "Malinga ndi zimene Rigby anauza Livingstone, cha m'ma 1860 akapolo pafupifupi 19,000 ochokera m'dera lonse la Nyasa ankadutsa pa ofesi ya msonkho ku Zanzibar chaka chilichonse." Ngati akufunabe nambala ya Nkhotakota yokha, afunefune gwero lina lomwe likunena za doko limenelo, alitsegule, nalonso alifunse kuti anawerenga ndani, anawerengera kuti, ndiponso chaka chiti.