Jini ndi yomweyo, koma wina adwala, wina ayi

Amayi awiri obadwa bere limodzi angathe kutengera kwa bambo awo jini yolakwika yomweyo, koma wina n'kumadwala pamene mnzake alibe chizindikiro n'chimodzi chomwe. Kusiyanaku kumayamba mwana akadali kambulu ka maselo ochepa m'mimba mwa mayi ake.

Mkazi amakhala ndi makromozomu awiri a X, wina wochokera kwa mayi, wina kwa bambo. Mwamuna ali ndi X mmodzi ndi Y. Mu 1961, Mary Lyon, wasayansi wa ku Britain yemwe ankafufuza mbewa, anafotokoza kuti selo iliyonse ya mkazi imagoneka X mmodzi kuti ntchito isachitike kawiri. Jini yotchedwa XIST imaphimba X ameneyo, ndipo majini ake ambiri amangoti zii. Selo imasankha mwamwayi, koma ikasankha yasankha: maselo onse ochokera mwa iyo amatsatira zomwezo. Umboni wake umaoneka pa mphaka wamawanga akuda ndi achikasu, yemwe pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi.

Chitsanzo chapafupi ndi kuchepa kwa G6PD, vuto lofala mu Afirika, kuphatikizapo Malawi. G6PD imateteza maselo ofiira a magazi, ndipo jini yake ili pa X. Mu 1962, Ernest Beutler ndi anzake anapeza kuti mayi wonyamula jini imodzi yolakwika amakhala ndi maselo ofiira amitundu iwiri, olimba ndi osalimba.

Nkhani yagona pa kagawidwe kake. Tinene kuti mwa wamkulu pa amayi awiri aja, maselo 80 pa 100 alionse a m'mafupa, omwe amapanga magazi, anagoneka X wolakwika. Magazi ake ndi olimba ndithu. Mwa mng'ono wake zinatembenuka: 80 anagoneka X wabwino. Iyeyu akamwa mankhwala ngati pirimakwini kwa masiku angapo, maselo osalimba aja amasweka. Mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, maso amachita chikasu, ndipo amafooka mofanana ndi mwamuna wa vutoli.

Kuyeza nako kumavuta. Njira zongonena kuti "alipo" kapena "palibe" zimaphonya amayi ambiri apakatikati, chifukwa maselo olimba amabisa anzawo. Pamafunika chipangizo choyeza kuchuluka kwenikweni kwa G6PD.

N'chimodzimodzinso ndi himofiliya, matenda a magazi osaundana. Amayi ena onyamula jiniyi amataya magazi ambiri posamba, pobereka kapena akazula dzino, makamaka chinthu choundanitsa magazicho chikatsika pansi pa 40 pa 100. N'chifukwa chake madokotala amayeza mayi wotere asanapite ku opaleshoni, ngakhale abale ake aakazi sanavutikepo.