Masekondi Atatu Cabe, Kasitoma Wapita

Muli na nshawa za ku Lundazi, mufuna ogula a ku Chipata na Lusaka azione pa TikTok? Lekani kuyamba vidiyo na "muli bwanji nonse". Mukalibe kutsiriza moni, cala ca kasitoma capita kale.

Gwirani foni coimirira, 9:16. Sekondi yoyamba, dzanja likhuthule nshawa mu meda pafupi na kamera, kuti kukula kwa njere kuoneke. Yaciwiri, mtengo ubwere m'malembo akuluakulu, cifukwa mu minibasi ambiri amapenyerera foni ili zii. Malembowo akhale pakati. Pansi na kumanja TikTok imaikako mabatani ake, angabise mtengo wanu. Dzina la shopu lidikire kumapeto.

Manje mukaiponya, tsegulani Analytics. Mzere wa openyerera ukagwa pa sekondi yaciwiri, osajambulanso zonse. Sinthani ciyambi cabe.