Madzi obisika m'kati mwa khoma

Botolo lochokera m'firiji likaikidwa patebulo masana, limayamba kuchucha madzi kunja ngakhale kuti silinabooke. Madziwo amachokera mu mpweya wa m'chipindamo. Mpweya umanyamula madzi osaoneka, omwe ndi nthunzi, ndipo mpweya wofunda umanyamula ambiri kuposa wozizira. Ukakhudza chinthu chozizira kwambiri umalephera kusunga nthunzi yonse, ndipo yotsalayo imasanduka timadontho ngati mame a m'mawa wa mu Juni. Zimenezi zikachitikira pa galasi la zenera, munthu amaona n'kupukuta. Zikachitikira m'kati mwa khoma palibe amene amaona, kufikira matabwa atafumbwa ndi kuola.

Vutoli ndi lalikulu m'mayiko ozizira monga Britain, kumene nyumba zambiri zatsopano zimamangidwa ndi mafelemu a matabwa, ndipo pakati pa matabwawo amaphatikamo insuleshoni, chinthu chonga thonje chopangidwa kuchokera ku galasi kapena miyala yosungunula. Ntchito ya thonjeli ndi ya bulangete: kuletsa kutentha kwa m'nyumba kuti kusathawire panja. Koma bulangete likamagwira bwino ntchito, mbali yake yakunja imakhala yozizira kwambiri, popeza kutentha sikufikako. Choipa n'chakuti thonjeli limatsekereza kutentha kokha. Nthunzi yochokera kukhitchini, kubafa, ku zovala zoyanikidwa m'nyumba ndi m'kupuma kwa anthu imadutsamo pafupifupi ngati ikudutsa mumpweya wamba, n'kukafika pamalo ozizira aja.

Njira yodziwira ngati khoma lidzachita mame m'kati inachokera kwa injiniya wa ku Germany, Helmut Glaser, amene anaifotokoza m'zaka za 1958 ndi 1959 pofufuza makoma a zipinda zoziziritsira zinthu. Lero njirayi ili m'muyezo wa mayiko onse wotchedwa ISO 13788. Imafunsa mafunso awiri pa malire alionse pamene zipangizo ziwiri za khoma zakumana. Loyamba: pamenepa pakuzizira bwanji, ndipo mpweya wozizira chotero ungasunge nthunzi yochuluka bwanji? Lachiwiri: nanga nthunzi imene ikufikapo ndi yochuluka bwanji? Yofikayo ikaposa imene pangasungike, madzi ayamba kudikha pamalo amenewo.

Kuchuluka kwa nthunzi amakuyeza ndi mphamvu imene imakankha nayo, m'mapasikali. Mpweya wa madigiri 20 umakhuta nthunzi ikafika mapasikali pafupifupi 2,340, pamene mpweya wa madigiri 0 umakhuta pa 611 okha. Nthunzi nthawi zonse imachoka kumene mphamvuyi ili yaikulu kupita kumene ili yochepa.

Chitsanzo chabwino ndi khoma lodziwika la nyumba ya mafelemu. Kuyambira m'kati muli bolodi la jipisamu lochindikala mamilimita 12.5, kenako thonje la mamilimita 140, kenako thabwa la zibenthu za mtengo zomatikiza la mamilimita 12. Kunja kwa thabwalo kuli mpata wodutsa mphepo, kenako njerwa zoteteza kumvula. Ndi mwezi wachisanu. M'nyumba muli madigiri 20 ndipo mpweya wanyamula 60 peresenti ya nthunzi imene ungathe, kutanthauza mapasikali 1,400. Panja pali madigiri 0 ndi chinyezi cha 90 peresenti, omwe ndi mapasikali 550. Mpweya wa panja umamveka wonyowa pakhungu, koma nthunzi yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya m'nyumba, ndiye ulendo wa nthunzi ndi wotuluka.

Funso loyamba ndi la kuzizira. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala yosonyeza mmene chimakanira kutentha, yopezeka pogawa kuchindikala kwake ndi mmene chimadutsitsira kutentha. Pa khomali nambala zonse pamodzi, kuphatikizapo za mpweya wokhudza khoma mbali zonse ziwiri, zikukwana 4.4, ndipo 4.0 mwa zimenezi ndi za thonje lokha. Madigiri 20 a kusiyana kwa m'kati ndi panja amagawika motsatira nambalazo, choncho madigiri oposa 18 amathera m'thonje. Kumbuyo kwa bolodi la jipisamu kukadali kofunda, madigiri 19, koma pamene thonje lakumana ndi thabwa lakunja pali digiri imodzi yokha. Mpweya wozizira chotero umakhuta pa mapasikali 657. Imeneyi ndiyo nambala yofunika kuigwiritsa m'mutu.

Funso lachiwiri ndi la nthunzi, ndipo apa zinthu zikutembenuka. Kukana nthunzi kwa chipangizo amakulemba sd, ndipo amakuyeza m'mamita: chipangizo cha sd ya mita imodzi chimachedwetsa nthunzi mofanana ndi mpweya wosayenda wochindikala mita imodzi. Bolodi la jipisamu lili ndi 0.13, thonje lonse lija 0.14 yokha, pamene thabwa lakunja, lopyapyala choncho, lili ndi 0.6 kapena kuposerapo malinga ndi mtundu wake. Zonse pamodzi ndi 0.87. Kusiyana kwa mapasikali 850 kukagawidwa motsatira nambalazi, bolodi ndi thonje zikuchotsapo pafupifupi 260 okha. Nthunzi ikufika pa thabwa lozizira lija ndi mphamvu ya mapasikali pafupifupi 1,140, pamalo pamene pangasungike 657. Khomo lolowera ndi lotseguka, lotulukira ndi lopapatiza, ndipo lopapatizalo lili pozizira. Madzi ayenera kudikha ndithu.

Njira ya Glaser imanenanso kuchuluka kwake. Pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ya khomali, tsiku lililonse pakufika magalamu 48 a nthunzi, koma kudzera m'thabwalo mukutuluka magalamu 3 okha. Magalamu 45 akutsalira. Poyamba amaoneka ochepa, masipuni atatu chabe, koma nyengo yotere ikakhala mwezi wathunthu madziwo aposa lita imodzi pa mita iliyonse, ndipo onse akulowa m'thabwa lopyapyala ndi m'thonje loligunda. Thonje lonyowa limasiya kutsekereza kutentha bwino, ndipo mtengo ukakhalitsa ndi chinyontho choposa 20 peresenti ya kulemera kwake umakhala pangozi yoola. Pa ntchito yeniyeni masamuwa amawabwereza pa mwezi uliwonse wa chaka, kuwonjezera madzi m'miyezi yozizira ndi kuchotsera m'miyezi yofunda. Khoma limalephera mayeso ngati chaka chikutha lisanaume, chifukwa chaka chotsatira chidzayambira pa madzi otsala.

Mankhwala ake ndi otchipa modabwitsa. Kumbuyo kwa bolodi la jipisamu, kumbali yofunda ya thonje, amayalako pepala lotchinga nthunzi. Pepala la pulasitiki la mamilimita 0.15 lili ndi sd ya mamita pafupifupi 50. Masamu aja akabwerezedwa, pafupifupi mapasikali onse 850 akuthera papepalapo, ndipo pa thabwa lozizira pakufika 560 okha, pansi pa 657. Palibe madzi odikha. Kwenikweni khomali silikusowa mamita 50 onsewo. Mbali ya m'kati ikakhala ndi sd yoposa pang'ono mamita 4, yomwe ndi kasanu ndi kawiri kuposa ya thabwa lakunja, mame sachitika. Amisiri a ku Britain ali ndi lamulo lapakamwa lakuti mbali yofunda izikana nthunzi kasanu kuposa mbali yozizira. Lamuloli limalondolera koyenera, koma chitsanzochi chikusonyeza kuti pa mwezi wozizira ndi nyumba yachinyezi kasanuko sikukwanira, ndipo ndi chifukwa chake kuwerengera sikuloweka m'malo. Njira ina ndi kukulitsa khomo lotulukira posintha thabwa lakunja ndi bolodi lodutsa nthunzi mosavuta, kapena kuika insuleshoni ina kunja kwa thabwalo kuti lisazizire kwambiri.

Pepala lomwelo likaikidwa kumbali yozizira limasanduka msampha wa madzi. Likaikidwa mbali zonse ziwiri, chinyontho chilichonse cholowa, kaya cha matabwa aawisi kapena cha mvula ya nthawi yomanga, chimasowa kotulukira. Funso lakuti mbali yofunda ndi iti lili ndi yankho losiyana m'mayiko otentha. Chipinda choziziritsira nsomba ku Mangochi chikhoza kukhala pa madigiri 4 m'kati, pamene mpweya umakhuta pa mapasikali 813, panja pali madigiri 30 ndi chinyezi cha 70 peresenti, omwe ndi mapasikali pafupifupi 2,970. Apa nthunzi ikukankha kulowa m'kati, mwamphamvu kuposa m'nyumba ya ku Britain ija, ndipo ikutero chaka chonse popanda nyengo youmitsa khoma. Chotchinga nthunzi chiyenera kukhala kunja kwa insuleshoni. Mmisiri wokopera pulani ya kudziko lozizira osaganiza za mbali imeneyi amamanga khoma lodzitungira madzi.

Masamu a Glaser ali ndi malire amene ayenera kunenedwa poyera. Amawerengera nthunzi yokhayo yolowerera pang'onopang'ono m'zipangizo, ndipo amatenga pepala lija ngati lopanda bowo. Pamalo omanga, wamagetsi amalicheka poika soketi, wamipope amaliboola, ndipo polumikizira mapepala awiri pamaiwalika tepi. Mpweya wofunda wodutsa pa mng'alu umanyamula madzi ochuluka kwambiri kuposa nthunzi yolowerera m'khoma lathunthu, ndipo umawatula pamalo amodzi. Makoma ambiri amene anapambana papepala amaola chifukwa cha ming'alu yotereyi. Choncho mapepala amasanjikizana m'mphepete ndi kumatidwa, ndipo omanga osamala amasiya kampata pakati pa pepala ndi bolodi la jipisamu kuti mawaya adutsemo osaboola kanthu. Zizindikiro za khoma lodwala zimayambira m'malo omwewo: fungo la chuku, mabanga akuda mozungulira soketi kapena m'munsi mwa khoma, ndi kachipangizo ka singano ziwiri koyezera chinyontho cha mtengo kakamasonyeza nambala zoposa 20.

Njirayi siwerengeranso mvula yomenya khoma, dzuwa loumitsa kapena lokankhira chinyontho m'kati, ngakhale madzi amene njerwa zimamwa ndi kusunga. Pa khoma la mafelemu lokhala ndi mpata wa mphepo zimenezi sizisokoneza kwambiri. Pa nyumba yakale ya njerwa zokhazokha imene akuiika insuleshoni m'kati, ndizo zimalamulira zonse, chifukwa njerwazo zimatsala panja pa bulangete, zozizira, zikumwa mvula. Makoma otere amawayesa pa kompyuta motsatira muyezo wa EN 15026, ndi mapulogalamu monga WUFI ya bungwe la Fraunhofer ku Germany, imene imatsata kutentha ndi madzi ora ndi ora kwa zaka zingapo. Kawirikawiri zotsatira zake zimasonyeza kuti pulasitiki yotseka kotheratu siyoyenera pakhoma lotere, ndipo m'malo mwake amaikapo pepala limene limatseka m'nyengo yachisanu n'kumasuka m'chilimwe, kuti njerwa zizitha kuumira mbali ya m'nyumba.