Makompyuta akasemphana mawotchi, chinayamba n'chiti?

Ntchito zazikulu za pa intaneti sizikhala pa kompyuta imodzi. Sitolo ya pa intaneti, banki kapena kampani yotumiza mauthenga imagawa zolemba zake pa makompyuta ambiri, ena mumzinda uno, ena kutsidya la nyanja, kuti imodzi ikafa ntchito isaime. Makompyutawa ayenera kugwirizana pa funso limodzi looneka ngati lachibwana: pa zinthu ziwiri zimene zachitika, chinayamba n'chiti? Aliyense angati tingoyang'ana wotchi basi. Koma wotchi imodzi yoti onse aziyang'ana palibe.

Kompyuta iliyonse ili ndi wotchi yakeyake, yoyendetsedwa ndi kamwala ka kwatsi kamene kamanjenjemera magetsi akakakhudza. M'mawotchi ambiri a pamkono kamwalaka kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Timiyala tiwiri sitifanana ndendende, ndipo kutentha kumasintha liwiro lake. Wotchi ikamalakwa ndi magawo 20 okha pa miliyoni, pofika mawa nthawi ngati ino idzakhala itasemphana ndi nthawi yeniyeni ndi masekondi pafupifupi awiri. Kwa munthu zimenezo n'zosadandaulitsa. Kwa makina olemba zinthu masauzande pa sekondi, ndi nthawi yaitali kwabasi.

Njira yokonzera mawotchi ilipo. Imatchedwa NTP, ndipo David Mills anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1980. Kompyuta imafunsa ina yodalirika kuti nthawi ili bwanji, yankho n'kubwera. Vuto n'lakuti yankholo limakalamba lili m'njira. Wofunsayo amangodziwa nthawi imene yatha kupita ndi kubwera, ndiye amaigawa pakati poganiza kuti ulendo wopita ndi wobwerera ndi wofanana. Tiyerekeze kuti funso linatenga mamilisekondi 10 ndipo yankho linatenga 50 chifukwa njira inadzaza. Kompyuta idzawerengera 30 mbali iliyonse, ndipo wotchi yake idzatsalira ndi mamilisekondi 20, iyo osadziwa. Nthawi zinanso wotchi ikamakonzedwa imabwezedwa m'mbuyo, moti chinthu chochitika pambuyo chimaoneka ngati chinayamba.

Taonani mmene zimapwetekera. Sitolo ina imasunga mitengo ya katundu pa makompyuta atatu, A, B ndi C, ndipo lamulo lake n'lakuti zolemba ziwiri zikatsutsana, chopambana ndi chimene chili ndi nthawi yaposachedwa. Lamuloli n'lenileni, mapulogalamu osungira zinthu monga Cassandra amaligwiritsa ntchito. Wotchi ya A yatsogola ndi mamilisekondi 100. Wogwira ntchito walemba pa A kuti mtengo ndi 500, ndipo A yadinda nthawi 10:00:00.120. Uthenga wafika pa B, pulogalamu ya kumeneko yaona mtengowo n'kuukweza kufika 550. Wotchi ya B, imene ili yolondola, yadinda 10:00:00.070. Makompyuta akayerekeza, 500 ndiye akuoneka watsopano, ndipo 550 akutayidwa. Choopsa n'chakuti palibe chenjezo lililonse. Zonse zikuoneka kuti zayenda bwino, mpaka wina adzadabwe kuti zimene anasintha zapita kuti.

Mu 1978 Leslie Lamport, katswiri wa ku America amene anadzalandira mphoto ya Turing ya 2013, anafalitsa pepala limene linatembenuza funsoli. Iye anaona kuti makinawa safunikira kwenikweni kudziwa ola. Chimene akufuna n'kudziwa chimene chikanatha kuchititsa chinzake. Munthu akalandira kalata n'kuyankha, yankho linalembedwa pambuyo pa kalatayo, ngakhale olemba onsewo atasokoneza madeti. Momwemonso, pa kompyuta imodzi zinthu zimatsatana mmene zachitikira, ndipo kutumiza uthenga kumayamba kulandira kusanachitike. Kulumikiza mfundo ziwirizi kumapereka mndandanda wosadalira wotchi ya pakhoma.

Wotchi ya Lamport ndi nambala chabe imene kompyuta iliyonse imasunga. Chinthu chikachitika, imawonjezera 1. Ikamatumiza uthenga, imalembapo nambala yakeyo. Ikalandira uthenga, imatenga yaikulu pakati pa nambala yake ndi yobwera, n'kuwonjezera 1:

```
L = max(L, T) + 1
```

Apa `L` ndi nambala ya wolandira, `T` ndi imene yabwera ndi uthenga. Tibwerere kusitolo kuja. Nambala ya A ili pa 6. Kulemba mtengo wa 500 kukuifikitsa pa 7, kutumiza uthenga kwa B pa 8. B inali pa 2 chabe, koma polandira ikudumphira pa 9, ndipo kulemba 550 kukupatsidwa 10. Tsopano 10 waposa 7, mtengo watsopano wapambana, kaya mawotchi a kwatsi akuti chiyani. Nambala zikafanana pa makompyuta awiri, amangogwirizana kuti dzina la kompyuta lithetse mlandu, mwachitsanzo A atsogole B.

Njirayi ndi yokongola chifukwa cha kuphweka kwake, koma ili ndi malire amene anthu amaiwala. Ngati chinthu china chinachititsa chinzake, nambala yake ndi yaing'ono, zimenezo n'zotsimikizika. Koma kuona nambala yaing'ono sikutsimikiza kuti chinthucho chinayamba. Tinene kuti C inali yotanganidwa, sinamve kalikonse kwa A kapena B, ndipo yalemba mtengo wa 480 pa nambala 15. Popeza 15 waposa 10, tingaganize kuti C inaona 550 n'kuukana. Chonsecho awiriwa sanadziwane n'komwe. Uku n'kutsutsana kwenikweni kofunika kuti wina aweruze, koma nambala imodzi yakubisa.

Yankho linabwera mu 1988, pamene Colin Fidge ndi Friedemann Mattern, aliyense payekha, anafotokoza wotchi ya vekita. M'malo mwa nambala imodzi, kompyuta iliyonse imasunga mndandanda wokhala ndi malo a kompyuta iliyonse, wosonyeza zochitika zingati za mnzake zimene yamva. Mtengo wa 500 ukhala ndi [7,0,0]. Wa 550 ukhala ndi [8,4,0], kutanthauza kuti B yamva zochitika 8 za A ndipo ichi n'chochitika chake chachinayi. Palibe malo pamene [7,0,0] aposa [8,4,0], choncho 550 anadziwa za 500 ndipo angalowe m'malo mwake mosakayika. Wa C ndi [0,0,15]: waposa pamalo achitatu koma wachepa pa oyamba awiriwo. Pamenepo makina adziwa kuti zolembazi zinachitika mosadziwana.

Kudziwa sikuthetsa mlandu, kumangouika poyera. Mu 2007 akatswiri a Amazon anafotokoza dongosolo lawo la Dynamo, limene linkasunga dengu la katundu amene wogula wasankha. Madengu awiri akatsutsana, ankawaphatikiza kuti chimene munthu waikamo chisasowe, ngakhale kuti nthawi zina chinthu chimene anachotsa chinkabwereranso. Ine ndikuona kuti anasankha bwino: cholakwa chooneka, chimene wogula angachikonze yekha, n'chabwino kuposa kutaya zolemba mwakachetechete. Mtengo wake wa vekita ndi kukula, chifukwa makompyuta olemba akachuluka mndandanda umatalika.

Ena anasankha kulimbana ndi mawotchi enieniwo. Google, pofotokoza dongosolo lake la Spanner mu 2012, inati inaika zolandirira GPS ndi mawotchi a atomu m'malo ake osungira makompyuta. Ngakhale zili choncho, Spanner sinena kuti nthawi ndi yakutiyakuti. Imapereka malire awiri, n'kunena kuti nthawi yeniyeni ili penapake pakati pawo, ndipo isanalengeze kuti cholemba chatheka imayamba yadikira mamilisekondi angapo mpaka chikayikocho chitadutsa.