Chinyontho cha m'makoma a nyumba

Chinyontho cha m'makoma ndi madzi amene alowa mu njerwa, m'dothi lomangira kapena mu pulasitala mpaka khoma kuyamba kuoneka lonyowa, penti kufufuma ndiponso chipinda kununkha chuku. Kawirikawiri madziwa amachokera kutatu: m'nthaka kudzera m'maziko, padenga lodontha, kapena m'paipi yobisika m'khoma. Njira zokonzera mavuto atatuwa ndi zosiyana kwambiri, choncho mwini nyumba akalakwitsa gwero amawononga ndalama pa simenti ndi penti koma khoma limanyowanso. Gwero limadziwika poona malo amene anyowa, nthawi imene amanyowa, ndi zotsatira za mayeso ochepa osafuna zida zodula.

Chinyontho chochokera pansi

Njerwa zootcha ndi dothi lomangira zili ndi timibowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Maziko akakhala m'nthaka yonyowa, madzi amakwera m'timibowoti monga momwe parafini amakwerera m'chingwe cha nyali. Akamakwera, ena amauma ndi mpweya, ndipo pamafika msinkhu umene madzi ouma amafanana ndi madzi okwera. N'chifukwa chake chinyontho chotere nthawi zambiri sichipitirira mita imodzi kuchokera pansi.

Chizindikiro chake chachikulu ndi mzere wopingasa, wokhotakhota pang'ono, umene umatsata khoma mtunda wautali. Kumunsi kwa mzerewo khoma limakhala lonyowa kwambiri, ndipo kunyowako kumachepa pokwera m'mwamba. Madzi a m'nthaka amanyamula mchere, ndipo akauma mcherewo umatsala pakhoma ngati ufa woyera, n'kumafumbutsa pulasitala. Vutoli limakula pang'onopang'ono kwa miyezi. M'Malawi limaonekera kwambiri chakumapeto kwa dzinja, cha mu Febuluwale mpaka Epulo, nthaka itakhuta madzi, ndipo silisintha msanga chifukwa cha mvula ya tsiku limodzi.

Pofuna kuletsa madziwa, amisiri amayala pulasitiki wakuda wochindikala pakati pa maziko ndi khoma, amene amamutcha dipisi. Amayenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya kunja. Nyumba ikhoza kukhala ndi dipisi koma n'kumanyowabe ngati dothi la maluwa, khonde lowonjezera kapena pulasitala wa kunja zakwera kupitirira pamene pali pulasitikiyo, chifukwa madzi amapeza njira yomulambalala.

Denga lodontha

Madzi a padenga amayambira m'mwamba n'kumatsika. Amasiya banga lofiirira pa siling'i kapena mizere yotsika pakhoma, ndipo malo onyowa kwambiri amakhala kumtunda. Amayenda ndi mvula: banga limakula patangopita maola ochepa mvula itagwa, n'kuuma kukakhala ng'amba. Malo odontha kawirikawiri ndi pamisomali ya malata imene yakhwefuka kapena yachita dzimbiri, polumikizana malata pamsana pa denga, pokumana madenga awiri, ndi m'ngalande za padenga zimene zatsekeka ndi masamba.

Pamene pali banga si nthawi zonse pamene pali bowo, chifukwa madzi amatha kutsata phaso kapena lata mamita angapo asanagwe. Amisiri amalowa m'siling'i ndi tochi mvula ikugwa, kapena amathira madzi padenga gawo ndi gawo kuyambira kumunsi, wina ali m'kati kuyang'ana pamene payambe kudontha. Denga likhozanso kunyowetsa khoma m'munsi. Ngati malata sanatuluke mokwanira ndipo palibe ngalande, madzi amagwera pafupi ndi khoma n'kuthovukira pa njerwa. Izi zimafanana ndi chinyontho chochokera pansi, koma zimasiya dothi lothovuka ndi ndere kunja kwa khoma, makamaka mbali imene madzi a padenga amagwera.

Paipi yobisika

Paipi yodontha siyendera nyengo. Khoma lonyowa mu Seputembala kapena Okutobala, mvula itasiya kalekale, limaloza ku mapaipi. Banga lake limakhala pamalo amodzi, lonyowa kwambiri pakati, ndipo limapezeka pafupi ndi bafa, chimbudzi cha madzi kapena sinki. Mapaipi achitsulo akale amadontha chifukwa cha dzimbiri, ndipo apulasitiki amadontha kwambiri polumikizira. Ngati m'siling'i muli thanki kapena giza, banga la paipi limaoneka ngati la denga, kusiyana kwake n'koti siliuma mvula ikasiya.

Mayeso odalirika ndi a mita ya madzi. Mipope yonse imatsekedwa, manambala a pa mita amalembedwa, ndipo pakapita maola awiri amawerengedwanso. Mayesowa amachitika pa nthawi imene madzi akutuluka m'mipope, chifukwa madzi akasiya mita siyenda ngakhale paipi itang'ambika. Thanki yosungira madzi imatsekedwa kaye kuti kudzaza kwake kusasokoneze. Malire a mayesowa ndi oti sagwira mapaipi otaya madzi ogwiritsidwa kale ntchito, popeza madziwo amakhala atadutsa kale pa mita. Paipi yotero imadziwika chifukwa khoma limanyowa kwambiri anthu akasamba, ndipo limayamba kuuma bafalo likasiyidwa kwa masiku angapo.

Chitsanzo

Tiyerekeze nyumba ya njerwa zootcha imene khoma la kuchipinda lanyowa kuyambira pansi mpaka masentimita 60, mwezi wa Seputembala. Msinkhuwo ukufanana ndi wa chinyontho chochokera pansi, koma zinthu zitatu zikutsutsa. Kunyowako kuli pa mita imodzi ndi theka yokha ya khomalo, makoma ena onse ndi ouma, ndipo kuseri kwa khomalo kuli bafa. Siling'i ilibe banga ndipo mvula sinagwe kwa miyezi, choncho denga silikukhudzidwa.

Mipope itatsekedwa kwa maola awiri, mita ikuonetsa kuti padutsa malita 6. Izi sizinatsimikizebe kuti vuto lili m'khoma, chifukwa kathanki ka chimbudzi kakhoza kumataya madzi mwakachetechete. Valavu ya chimbudzi ikutsekedwa ndipo mayeso akubwerezedwa, koma mita ikuonetsanso malita 6. Ndiye kuti malita 3 akutayika pa ola, malita 72 pa tsiku, ndi malita 2,160 pa masiku 30. Pulamba amagumula pulasitala pamalo onyowa kwambiri motsata njira ya paipi. Madzi odontha polumikizira amatsikira m'munsi mwa khoma ndi pansi pa simenti, kenako njerwa n'kuwakokanso m'mwamba, n'chifukwa chake paipi imatha kupusitsa anthu kuti vuto ndi maziko.

Zina zosokoneza

Nthunzi ya m'nyumba, yochokera pophika, posamba ndi popuma, imasanduka madzi pa khoma lozizira, makamaka mu Juni ndi Julaye mazenera akamakhala otseka. Imabweretsa chuku chakuda m'makona ndi kuseri kwa makabati. Poyesa, amamata pulasitiki pakhoma mbali zonse zinayi kwa masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pulasitikiyo, gwero ndi mpweya wa m'chipinda. Akakhala m'kati, madzi akuchokera m'khoma.

Kachipangizo koyezera chinyontho ndi magetsi nakonso kamanamiza, chifukwa mchere wotsala mu pulasitala umakaonetsa ngati khoma ndi lonyowa ngakhale madzi atasiya kulowa. Gwero likatsekedwa, khoma limatenga miyezi kuti liume, ndipo khoma lochindikala limachedwa kwambiri. Pulasitala wodzala mchere amachotsedwa, chifukwa mchere wina umakoka chinyezi cha mumpweya. Kupaka penti wa mafuta pakhoma lonyowa kumatsekera madzi m'kati, ndipo chinyontho chochokera pansi chimakwera kupitirira pamene chinali.