Nyimbo ya mwini pa kanema wa malonda: mafunso ndi mayankho

Telala wa ku Limbe wajambula pafoni kanema wa masekondi 40 woonetsa madiresi a chinkhoswe amene wasoka. Akufuna kuuika pa Facebook, TikTok ndi YouTube, ndipo pansi pake akufuna nyimbo imene yavuta m'maminibasi.

Funso: Nyimboyo ndinagula ndi ndalama zanga. Ndikapemphenso chilolezo chanji?

Yankho: Munagula kumvera, simunagule kutsatsira nayo malonda. Nyimbo yojambulidwa imakhala ndi umwini pawiri. Pali amene anapeka mawu ndi maimbidwe, palinso mwini wa chojambulidwacho, amene angakhale woimbayo kapena amene analipira ku situdiyo. Kuti muimate pa kanema wa bizinesi, onse awiri ayenera kuvomera. Apa ndi pamene ambiri amagwa: woimba amayankha pafoni kuti "palibe vuto," pamene chojambulidwa anachipereka kale kwa kampani yofalitsa nyimbo. Kampaniyo ndi imene idzadandaule, ndipo za pafoni zija sizidzakuthandizani. N'chimodzimodzi mukauza mphwanu aiimbenso ndi gitala: mwazemba mwini chojambulidwa, koma wopeka akadali pomwepo.

Funso: Nanga ndikatengako masekondi khumi okha, n'kulemba dzina la woimba?

Yankho: Palibe lamulo la masekondi khumi, ndi mphekesera chabe. Kutchula mwini ndi ulemu woyenera, koma si chilolezo. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limalola kutapako pang'ono pa zinthu monga maphunziro ndi kufalitsa nkhani. Kugulitsa madiresi sikuli m'gulu limenelo.

Funso: Koma nyimbozo zili kale mu TikTok momwemo. Si ndiye kuti n'zololedwa?

Yankho: N'zololedwa kwa munthu wongosangalala, osati wotsatsa malonda. A bizinesi anawapatulira nkhokwe zawo: Commercial Music Library pa TikTok, Sound Collection pa Facebook ndi Instagram. YouTube ili ndi Audio Library, momwe nyimbo zina zimafuna kuti mutchule mwini m'munsi mwa kanema. Chovuta kwa telala wathu n'chakuti chilolezo cha TikTok chimathera pa TikTok pomwepo, cha Facebook nachonso chimathera kwawo. Akakopera kanema uja ndi nyimbo yake n'kukauika kwina, watuluka m'chilolezo. Njira yake ndi kusunga kanema wopanda nyimbo, n'kumaika nyimbo yoyenera pamalo paliponse payokha.

Funso: Ndili ndi chiphaso cha COSOMA cha pashopu. Sichikwanira?

Yankho: Chimenecho n'choseweretsa nyimbo kuti makasitomala azimva pamalopo. Kumata nyimbo pa kanema wotsatsa ndi ntchito ina. Komabe COSOMA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992, ndi khomo labwino loyambirapo pofufuza mwini wa nyimbo. Ndipo pojambula zimitsani wailesi, chifukwa nyimbo yomveka chapatali nayo imagwidwa.

Funso: Ndingadziwe bwanji kuti zavuta?

Yankho: Pa Facebook kawirikawiri kanema amangotsekedwa mawu. Pa YouTube makina a Content ID amafananiza mawu ndi zithunzi zanu ndi zimene eni analembetsa. Akapeza, mwini amasankha kutseka kanemayo, kudya ndalama za malonda oonekapo, kapena kungomuyang'anira. Chimenecho si chilango. Chilango chimabwera mwini akapempha kuti kanema achotsedwe. Chimakhala masiku 90, ndipo zikakwana zitatu tsamba lonse likhoza kutsekedwa. Dziwaninso kuti kusagwidwa ndi makina si umboni wakuti mwaloledwa. Oimba athu ambiri sanalembetse nyimbo zawo kumeneko, koma ufulu wawo ulipobe, ndipo kudyerera pa thukuta lawo chifukwa makina sakuwadziwa ndi kuwabera basi.

Funso: Nanga tizidutswa ta makanema a ena?

Yankho: Kadutswa ka filimu, ka mpira wa pa kanema kapena ka sewero loseketsa kali ndi mwini, ngakhale katazungulira pa WhatsApp chaka chonse. Ngakhale kanema wa chinkhoswe cha kasitomala wanu, wovala diresi lanu lomwe, pemphani kawiri: kwa wojambula ndi kwa mwini nkhope. Za pa intaneti zokhala ndi chizindikiro cha Creative Commons werengani zilembo zake. CC0 mungagwiritse ntchito momasuka, CC BY imafuna dzina la mwini, koma paliponse pali NC malonda ndi oletsedwa.

Funso: Inuyo mukadakhala telalayo mukadatani?

Yankho: Ndikadapita kwa wokonza nyimbo wa m'dera, andipangire kachidutswa kangakanga ka masekondi 40, kopanda zotapa mu nyimbo za ena. Tikadalemberana pepala lonena kuti ndi iye wapeka ndi kujambula, kuti ndingakagwiritse ntchito potsatsa paliponse, kwa nthawi yaitali bwanji, pa mtengo wanji, komanso kuti sadzakalembetsa ku Content ID. Mfundo yomalizayi musaiphonye, chifukwa akadzatero makina adzagwira kanema wanu womwe. Musainirane nonse awiri, ndipo pepalalo ndi lisiti muzijambule pafoni musanaike kanemayo pa intaneti.