Mzere wa malire: phindu lochuluka bwanji pa chiopsezo chimene mungapirire?

Munthu akalandira ndalama za penshoni kapena akagulitsa nyumba, funso limene amapita nalo kwa mlangizi wa zachuma limakhala lakuti: ndiziike pati kuti zibereke kwambiri? Mlangizi wodziwa ntchito yake sathamangira kuyankha. Amayamba watulutsa pepala lokhala ndi mzere wokhota, kenako nayenso amafunsa kuti: chaka chitaipa, mungapirire kutaya ndalama zingati popanda kugulitsa zonse chifukwa cha mantha? Mzerewo ndi funsolo zimayendera limodzi. Mzere umaonetsa zosankha zabwino zimene zilipo, koma sungakusankhireni. Wosankha ndi mwini ndalama.

Nzeru imeneyi inachokera kwa Harry Markowitz, katswiri wa zachuma wa ku America, amene anailemba mu 1952 akadali mnyamata wa zaka za m'ma 20. Mu 1990 analandira nayo mphoto ya Nobel pamodzi ndi Merton Miller ndi William Sharpe. Mfundo yake inali yakuti sheya kapena bondi siyenera kuyesedwa payokha, koma poona mmene ikukhalira ikaphatikizidwa ndi zina zimene munthu ali nazo kale. Mlimi wa kasakaniza amazidziwa izi: amabzala chinangwa pambali pa chimanga osati chifukwa chinangwa chimalemeretsa, koma chifukwa chaka chimene mvula yadula msanga, mbewu ziwirizi sizifera limodzi.

Kawerengedwe ka tchati

Tchati chake chili ndi mbali ziwiri. Mukamakwera m'mwamba, mukuwerenga phindu loyembekezeka pa chaka. Mukamapita kumanja, mukuwerenga chiopsezo, chimene pano chikutanthauza kusinthasintha kwa phindu, ndiye kuti mtunda umene phindu la chaka chimodzi limakonda kutalikira kuchoka pa chiyembekezo chija. Ngati phindu loyembekezeka ndi 6 peresenti ndipo kusinthasintha ndi 10, ndiye kuti pa zaka zitatu zilizonse, pafupifupi ziwiri zidzagwera pakati pa kuluza 4 peresenti ndi kupindula 16 peresenti.

Kaphatikizidwe kalikonse ka masheya ndi mabondi kamakhala kadontho kamodzi pa tchatipo. Timadontho tikachuluka, m'mphepete mwake mwa kumtunda chakumanzere mumaoneka mzere wokhota. Umenewo ndiye mzere wa malire. Kadontho kali pa mzerewu kali ndi khalidwe limodzi: palibe kaphatikizidwe kena kamene kangakupatseni phindu loposa apo pa chiopsezo chomwecho. Kadontho kali pansi pa mzere n'kotaya ndalama pachabe, pakuti mukusenza chiopsezo chimene simukulipidwa mokwanira. Pamwamba pa mzere palibe kadontho, ndipo wina akakulonjezani phindu la kumeneko, funsani bwino chimene akubisa.

Chitsanzo cha K10 miliyoni

Tiyeni tiyese ndi manambala ongopeka kuti tione mmene zimayendera. Tinene kuti pali thumba la mabondi limene limayembekezeka kubereka 4 peresenti pa chaka pamwamba pa kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo kusinthasintha kwake ndi 10. Palinso thumba la masheya lobereka 9 peresenti, kusinthasintha kwake 20. Tinenenso kuti awiriwa satsatana: masheya akagwa, mabondi akhoza kukwera, kutsika kapena kungokhala.

Phindu la zosakanizazo n'losavuta kupeza. Nthawi iliyonse imene mwasamutsa 20 peresenti ya ndalama zanu kuchoka ku mabondi kupita ku masheya, phindu loyembekezeka limakwera ndi 1 peresenti. Chodabwitsa chili ku chiopsezo. Munthu amene waika zonse m'mabondi ali ndi phindu la 4 ndi chiopsezo cha 10. Akaika 20 peresenti m'masheya, phindu limafika pa 5, koma chiopsezo m'malo mokwera chimatsika kufika pafupifupi 9. Chimatsika chifukwa zaka zina zimene mabondi apunthwa, masheya amakhala akuchita bwino n'kukwirira dzenjelo. Akafika pa 40 peresenti m'masheya, phindu ndi 6 ndipo chiopsezo chabwerera pa 10.

Taonani bwino pamenepa. Amene waika zonse m'mabondi poganiza kuti wathawa chiopsezo ali ndi chiopsezo chofanana ndendende ndi mnzake wa 40 peresenti m'masheya, koma mnzakeyo akuyembekeza K600,000 pa chaka pa K10 miliyoni pamene iye akuyembekeza K400,000. Choncho kuika zonse m'mabondi kuli pansi pa mzere wa malire. Mzere weniweni ukuyambira pa 20 peresenti, pamene chiopsezo ndi chochepetsetsa, n'kumakwera chakumanja.

Kuchoka pamenepo phindu lililonse lowonjezera limagulidwa, ndipo mtengo wake umanka nukwera. Pa 60 peresenti m'masheya phindu ndi 7, chiopsezo pafupifupi 12.6. Pa 80 peresenti phindu ndi 8, chiopsezo 16. Masheya okhaokha amapereka 9 pa chiopsezo cha 20. Kuchoka pa phindu la 5 kufika pa 6 munangowonjezera chiopsezo ndi 1, koma kuchoka pa 8 kufika pa 9 mwawonjezera pafupifupi 4. N'chifukwa chake mzerewu umayamba mokwera kwambiri kenako n'kumagona. Pamene wagona, ukukuuzani kuti mukulipira zambiri pogula zochepa.

Kusankha poima

Anthu ambiri samva kanthu akauzidwa kuti chiopsezo ndi 12.6. Amamva akauzidwa makwacha. Njira yachidule imene alangizi amagwiritsa ntchito ndi iyi: tengani phindu loyembekezeka, muchotsepo chiopsezo kawiri. Chotsalacho ndi chithunzi cha chaka choipa kwambiri, chimene mwa masamu chingapitiriridwe pafupifupi kamodzi pa zaka 40.

Pa 40 peresenti m'masheya, 6 kuchotsapo 20 kukutsala kuluza 14 peresenti, imene pa K10 miliyoni ndi K1.4 miliyoni. Pa 60 peresenti ndi pafupifupi K1.8 miliyoni. Pa 80 peresenti ndi K2.4 miliyoni, ndipo pa masheya okhaokha ndi K3.1 miliyoni.

Tsopano tiganize za mayi amene watsala ndi zaka zitatu kuti apume pa ntchito, ndipo ndalamazi ndi zomalizitsira nyumba. Atakhala pansi n'kuwerengera malata, simenti ndi amisiri, apeza kuti atataya zoposa K1.5 miliyoni, nyumbayo singathe. Malo awo ndi pa 40 peresenti. Sakuyenera kupita pa 60 ngakhale phindu la 7 likukopa, komanso palibe chifukwa chobwerera pa 20, pakuti kumeneko chaka choipa chimadyabe pafupifupi K1.3 miliyoni pamene phindu latsika. Lamulo lake ndi lakuti pitani kumanja mpaka pamene chaka choipa chafika pa malire anu, n'kuima pomwepo.

Mphunzitsi wa zaka 30 amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi ndipo sadzakhudza ndalamazi kwa zaka 25 akhoza kuima pa 80 peresenti, popeza ali ndi nthawi yodikira kuti mitengo ibwerere. Koma pano pali mafunso awiri osiyana, ndipo onse afunika yankho loona. Loyamba ndi lakuti kodi thumba lanu lingakwanitse kutayako? Lachiwiri ndi lakuti kodi mtima wanu ungapirire? Ngati mphunzitsiyo akudziwa kuti ataona K10 miliyoni yasanduka K7.6 miliyoni adzagulitsa zonse mawa lake, ndiye kuti 80 peresenti si malo ake, ngakhale zaka zikumulola. Wogulitsa mitengo itagwa amasenza chiopsezo chonse koma phindu lake salilawa. Mayankho awiriwo akasiyana, tsatirani laling'onolo.

Nanga amene sangapirire ngakhale K1.3 miliyoni? Mu 1958 James Tobin anaonetsa kuti munthu wotere asafune kadontho katsopano pa mzere wokhotawo, koma apatule gawo la ndalama zake n'kuliika pamalo osagwedezeka, monga ngongole zaifupi za boma za masiku 91, ndipo zotsalazo aziike pa kaphatikizidwe kabwino ka pa mzere. Akapatula theka, kusinthasintha kwa chuma chake chonse kumatsikanso ndi theka.

Pamene mzere umanama

Mzere wa malire umajambulidwa ndi manambala ongoyerekeza, ambiri ochokera ku zaka zapita, ndipo ukhoza kusokeretsa m'njira zitatu zimene wowerenga ayenera kuzidziwa.

Yoyamba ndi ija tinanena kuti masheya ndi mabondi satsatana. Nthawi zina amatsatana. Mu 2022, chiwongola dzanja chitakwera ku America, masheya a makampani akuluakulu anatsika ndi pafupifupi 18 peresenti ndipo mabondi anatsikanso ndi pafupifupi 13 peresenti m'chaka chomwecho. M'chitsanzo chathu, awiriwa atamatsatana pang'ono chabe, pa mlingo wa 0.5, chiopsezo cha mayi aja chichoka pa 10 kufika pa 12, ndipo chaka choipa chidya pafupifupi K1.8 miliyoni, kupitirira malire awo. N'chifukwa chake ndi nzeru kusiya kampata, osaima m'mphepete mwenimweni.

Yachiwiri imakhudza misika yaing'ono monga wa masheya wa ku Blantyre. Sheya imene yatha masiku ambiri osagulidwa imaoneka ngati yodekha chifukwa mtengo wake sukusintha, koma kudekhako n'kwa kusowa malonda. Tsiku limene mudzafune kugulitsa zambiri nthawi imodzi, wogula akhoza kusowa. Mukaona tchati chikukankhira ndalama zochuluka ku sheya imodzi yooneka yodekha, funsani kuti imagulidwa kangati pa mwezi.

Yachitatu ndi ndalama imene mukuwerengera. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kugwa kotere sikuoneka pa tchati chojambulidwa ndi manambala a miyezi ya bata, ndipo kumapweteka kwambiri amene anadalira mabondi ndi ndalama za ku banki, chifukwa mitengo ya zinthu imathamanga pamene chiwongola dzanja chawo chili pomwepo. Choncho funsani ngati phindu lolembedwa pa tchati lachotsedwa kale kukwera mitengo kwa zinthu, msonkho ndi ndalama zolipira oyendetsa thumba.

Pomaliza, malo amene mwasankha sakhala pamodzimodzi okha. Masheya akakwera zaka ziwiri zotsatizana, 40 peresenti yanu ikhoza kusanduka 50 inu osachitapo kanthu, ndipo mudzakhala mutasunthira kumanja mosadziwa. Kamodzi pa chaka werengeraninso, mugulitse zimene zapitirira, mubwerere pa malo anu. Mukasintha ntchito, mukadwala kapena nthawi yogwiritsa ntchito ndalamazo ikayandikira, malirewo asinthenso. Musanasaine pepala lililonse la mlangizi, lembani nokha chiwerengero cha makwacha amene mungapirire kutaya m'chaka chimodzi, ndipo mumuuze akuonetseni pa tchati pamene chiwerengerocho chikukuimitsani.